Makafulinki, kilipu ya tayi ndi bulochi: yambani mwayang'ana nsalu musanagule chitsulo

Ndine telala, ndimasoka kuno ku Lusaka ndipo ntchito yanga yambiri ndi ya maukwati, masuti a mkwati ndi anyamata a pa laini-apu komanso madiresi a amayi a ku kicheni pate. Nyengo ya maukwati ikafika foni siipuma, ndipo funso limakhala lomwe lija. Wina watumiza chithunzi cha kabokosi ka makafulinki, tizitsulo tija totsekera kumapeto kwa mikono ya shati m'malo mwa batani, Lachisanu usiku, ukwati ndi mawa, akufunsa kuti kodi izi zimalowa pati poti shati yanga ili ndi mabatani. Wina bulochi, chokongoletsera chija chobaya pa chovala ndi singano, yamung'ambira diresi ya satini asanatuluke n'komwe m'nyumba. Ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi, amene adzafunsenso ndizingomutumizira zomwezi.

Vuto la onsewa ndi limodzi, amayamba kugula chitsulo chifukwa chawala bwino pa thebulo la wogulitsa ku Kamwala kapena mu Cairo Road, kenako ndi pamene amakumbukira kuti chitsulocho chiyenera kukhala pa nsalu. Inu yambani ndi nsalu.

1. Tulutsani shati muyang'ane kumapeto kwa mkono wake.

Kumapeto kuja kumene kumazungulira pa mkono pafupi ndi dzanja ife timati kafu. Zilipo za mitundu itatu. Yoyamba ndi ya masiku onse, mbali imodzi batani mbali ina bowo, iyi makafulinki salowa pokhapokha telala ataisintha. Yachiwiri ndi dabo kafu, ena amati kafu yachifalansa, imakhala yaitali kawiri kotero mukaivala musanapinde imakwirira dzanja mpaka ku zala, ilibe batani ndi limodzi lomwe, ili ndi mabowo 4 pa mkono uliwonse. Iyi ndiye nyumba yeniyeni ya makafulinki. Yachitatu anthu ambiri ali nayo mu wadilopu koma sadziwa, ili ndi batani koma pambali pa batanilo pali kabowo kenanso, ndiye mutha kumanga batani kapena kulowetsa kafulinki. Yang'anitsitsani, nthawi zina kabowoko kamakhala kosatsegula bwino kuchokera ku fakitale.

Mashati a dabo kafu mu salaula amapezeka, ku Soweto ndawagulako abwino kwambiri, ndipo ambiri amawasiya poganiza kuti mikono yatalika mopitirira kapena mabatani anathothoka. Mukaipeza yoyera, kolala yake isanaperepeseke, tengani. Koma muipinde kaye kafuyo muone pamzere wopindira, chifukwa pamenepo ndi pamene imayambira kutha, ikakhala kuti ulusi wayamba kuoneka kapena pali mzere wachikasu wosachoka, isiyeni.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha anabwera mnyamata wa ku Chilenje, kwatsala masiku awiri ukwati wake, amalume ake amupatsa makafulinki amkuwa omwe iwo anavala pa ukwati wawo. Shati anali atagula kale, ya mabatani wamba, ndalama ya ina panalibe ndipo kukana mphatso ya amalume sikukanatheka. Tinachita chonchi. Ndinachotsa batani la pa kafu, ndinagwirizanitsa mbali ziwirizo n'kuika chizindikiro cha choko moyang'anizana ndendende ndi bowo lakale, ndinasoka bowo latsopano lalitali mofanana ndi linzake, n'kulitsegula. Mikono yonse iwiri sinanditengere ngakhale ola. Chomwe muyenera kudziwa ngati mukufuna njira imeneyi n'chakuti kafu imathina kusiyana ndi kale, chifukwa mbali ziwirizo sizikusanjikizananso koma zikugundana. Kwa mnyamatayu zinatheka poti ndi woonda mikono ndipo shati inali ndi malo. Yesani kaye: tsinani mbali ziwiri za kafu pamodzi pamene pali bowo, ngati chala chimodzi chikulowabe pakati pa kafu ndi mkono wanu zitheka, ngati sichikulowa musadule batani. Ndipo kafu yofewa yopanda sitifeningi mkati siinyamula kafulinki yolemera, imangogwera pansi ngati khutu la mbuzi.

2. Manje sankhani makafulinki, ndipo muyambe kuyang'ana kumbuyo kwake.

Kumaso aliyense amaona yekha. Kumbuyo ndi kumene kumathyoka. Ofala kwambiri ndi aja okhala ndi kamtengo kotembenuka, mumakaongola kuti kalowe m'bowo kenako mumakapingasa. Mukamagula katembenuzeni kangapo, kayenera kulira kuti tha n'kuima pomwepo. Kakamangozungulira kokha ngati pulopela ndiye kuti sipulingi yake yafa, kafulinki imeneyo idzagwa pa nthawi yovina ndipo mudzaizindikira mutafika kale kunyumba. Alipo a tcheni, nkhope ziwiri zolumikizidwa ndi katcheni, ndi okongola mbali zonse koma amavuta kuvala wekha komanso amasiya kafu yomasuka. Aliponso a ulusi, timfundo tiwiri tolukidwa, otchipa, opepuka, abwino kwa anyamata a laini-apu poti mutha kupeza mtundu wofanana ndi madiresi a atsikana ndipo ina ikatayika palibe amene alire.

Za chitsulo. Mukaona nambala 925 itadindidwa kumbuyo ndi chizindikiro cha siliva, kutanthauza magawo 92.5 pa 100, ngakhale oba amadindanso, ndiye nyamulani kamaginito. Golide, siliva, mkuwa ndi bulasi sizikokedwa ndi maginito. Nkhope ya kafulinki ikamamatira ku maginito ndiye kuti mkati ndi chitsulo wamba chongopakidwa pamwamba. Yesani pa nkhope osati pa kamtengo kakumbuyo, poti sipulingi imakhala yachitsulo ngakhale pa makafulinki enieni. Zopakidwa sizoipa ayi, ambirife ndi zomwe timavala, kungoti musalipire mtengo wa siliva pa chinthu chomwe chisupuke chaka chisanathe.

Ine ndimakonda amkuwa, ndi chuma cha dziko lathu ndipo pa shati yoyera ndi suti ya buluu wakuda amakhala bwino zedi. Ku Kabwata Cultural Village ndi kwa ogulitsa zosemasema mumapeza zamkuwa ndi zamwala wobiriwira uja wa malakaiti. Koma mkuwa ndi thukuta sizimvana. Kutentha kwa Okutobala, tchalitchi chodzaza, mkuwa wosapakidwa umasiya chobiriwira pa kafu yoyera mozungulira bowo. Mankhwala ake ndi kyuteksi yosaoneka mtundu, pakani kumbuyo ndi pa kamtengo kolowa m'bowo, muumitse usiku wonse. Zimathandizanso kwa aja amene khungu limayabwa ndi kutuluka nsungu akavala zitsulo zotchipa, nthawi zambiri chimachititsa ndi nikelo yomwe imasakanizidwamo. Mkuwa ukada, ndimu ndi mchere pang'ono zimauwalitsa, tsukani ndi madzi n'kupukuta. Koma ndimu asakhudze malakaiti, asidi amadya mwalawo, ndipo zopakidwa golide ingopukutani ndi kansalu kofewa basi.

Mtundu wa chitsulo ugwirizane ndi zomwe muli nazo kale pathupi: wotchi, chitsulo cha lamba, mphete. Wotchi yasiliva, makafulinki asiliva, kilipu yasiliva. Mphete ya ukwati yokha ndiye sitiiwerengera, imeneyo imakhala mmene ilili.

3. Kuvala kwake, apa ndiye pamene ambiri amagwa.

Usiku wake sitani kafu itatambasuka, mbali zonse ziwiri, musaipinde n'kuidinda ndi ayironi mwamphamvu chifukwa mzerewo ndi umene umadula ulusi. Ngati mwathira sitachi mabowo amamatana, ndiye alowetseni kamtengo ka machesi limodzilimodzi onse 8 atseguke. Izi zichitike usiku, osati mmawa galimoto ikuimba huta panja.

Mmawa musanavale shati, igonekeni pa bedi. Pindani kafu kubwerera chakumtunda, cha ku chigongono, mpaka mphepete mwake ibise msoko umene ukulumikiza kafu ndi mkono wa shati. Mukapinda bwino mabowo amakumana okha awiriawiri, awiri mbali ino awiri mbali inayo. Akapanda kukumana ndiye kuti mwapinda mopitirira kapena mopelewera, konzani pomwepo osakakamiza.

Kenako tengani kafulinki, ongolani kamtengo kake, muilowetse m'mabowo awiri oyamba okha, a mbali imene idzakhale kuseri kwa dzanja lanu. Kuti mudziwe mbali yake, ganizani mwaimirira manja ali m'mbali, nkhope yokongola iyenera kuyang'ana kunja kumene kuli anthu, kamtengo kayang'ane ku thupi lanu. Chitani chimodzimodzi mkono winawo. Mwachita izi ndi manja awiri, momasuka, ndipo theka la ntchito latha. Manje valani shati mosamala kuti zisagwe, dzanja lidutsa bwinobwino poti kafu ikadali yotseguka.

Chotsala ndi kutseka, ndipo cholakwika chachikulu chili pano. Anthu amazolowera shati ya batani ndiye amasanjikiza mbali imodzi pamwamba pa inzake mozungulira mkono. Dabo kafu sitseka choncho. Mbali ziwirizo zimagundana mkati ndi mkati, ngati mmene manja amakumanirana poomba m'manja kupereka ulemu kwa akulu, ndipo mphepete zake zonse ziwiri zimaloza kunja, kumbali ya chala chaching'ono. Tambasulani mkono kutsogolo chikhatho chitayang'ana pansi, nkhope ya kafulinki ikhala pamwamba. Tsamiritsani mkonowo pa mimba kapena pa thebulo kuti nsalu isathawe, ndi dzanja linalo kwezani mbali yapansi, chala chachikulu chikankhe nkhope ya kafulinki, chala cholozera chikhale pansi kufunafuna nsonga ya kamtengo. Ikatulukira m'bowo lachitatu musafulumire kupingasa, onetsetsani kuti yadutsanso lachinayi. Ambiri amatsekera pa atatu, nsalu yomaliza imatsala ikulendewera ndipo pa zithunzi zimaoneka. Werengani ndi chala, nsalu zinayi zonse zikhale pakati pa nkhope ndi kamtengo, ndiye pingasani.

Yambani ndi mkono umene mumalembera, chifukwa pamenepo likugwira ntchito ndi dzanja lanu lofooka ndipo ndi bwino kulimbana nalo mtima udakali m'malo. Ngati nkhope ili ndi chilembo kapena chithunzi, onani kuti mbali zonse ziwiri zaima mofanana, ina isakhale chadodolido. Ndipo ngati ndinu mkwati, besitimani alipo chifukwa cha zinthu ngati zimenezi, mutambasulireni mkono akuvekeni. Yeserani kawiri katatu mkati mwa sabata.

Mukavala jekete, kafu ionekere pang'ono, sentimita 1 kapena 1 ndi theka manja ali pansi. Kafulinki yeniyeniyo imabisika mukaima chilili, imaonekera mukatambasula dzanja kupereka moni kapena kusaina m'kaundula, ndi mmene ziyenera kukhalira. Jekete ikamakwirira mpaka pa zala ndiye bweretsani tifupikitse mikono, apo ayi mwavala makafulinki oti palibe awaone. Kukakhalanso kothina kumapeto kwa mkono wa jekete dabo kafu imakodwa mkati, ndiye yesani shati ndi jekete limodzi tsiku lisanafike.

4. Kilipu kapena pini ya tayi.

Ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale anthu amangoti pini zonse. Kilipu imapana, siboola. Pini imaboola tayi, kumbuyo imatsekedwa ndi kachotsekera, ndipo zambiri zimakhala ndi katcheni kokhala ndi kamtengo kumapeto, kamtengoko kamalowa m'bowo la batani la shati. Ngati tayi yanu ndi ya siliki kapena yosalala yonyezimira, tengani kilipu, pini imasiya kabowo komwe sikatsekeka. Pini isungireni tayi yokhuthala yolukidwa, kapena muziboola pamalo amodzi omwewo nthawi zonse.

Malo ake ndi pakati pa batani lachitatu ndi lachinayi kuwerenga kuchokera pa kolala, chapakati pa chifuwa. Ikakwera kwambiri imaoneka ngati ikukutsamwitsani, ikatsika imabisika mukamanga jekete. Kilipu ilowetseni kuchokera kudzanja lanu lamanja, poti shati ya abambo imatsegukira mbali imeneyo, ndipo ipane zinthu zitatu pamodzi: tayi yakutsogolo, kamchira kakumbuyo, ndi mpendero wa shati uja wa mabatani. Ndimaona anyamata ambiri atapanira tayi yokhayokha, ndiye powerama kutenga mbale pa bufe tayi ndi kilipu yomwe zonse zimalowa mu supu. Ntchito ya kilipu ndi kumangirira tayi ku shati. Musanapane kokerani tayi m'mwamba pang'ono chabe kuti pakhale kampata, mukapanda kutero mukadzutsa mutu imakukokani khosi. Ikhale yopingasa mowongoka, ndipo isatalike kuposa tayi, yabwino imafika magawo atatu mwa anayi a m'lifupi mwake. Matayi owonda a masiku ano amafuna kilipu yaifupi, ija ya adadi ya matayi otambalala imatulukira mbali inayo.

Mukavala wesikoti kilipu isiyeni kunyumba, wesikotiyo yagwira kale tayi.

5. Bulochi.

Amayi, musanaigule iikeni pa chikhatho muimve kulemera, kenako ganizirani nsalu imene ikakhalepo. Chitenge cha wakisi, jekete ya suti, duku lomangidwa bwino, izi zimanyamula bulochi yaikulu popanda vuto. Satini, shifoni ndi lesi sizinyamula, bulochi imagwada kuyang'ana pansi n'kumakoka ulusi, pofika madzulo pali mabowo awiri otanuka omwe ngakhale ine sindingawabise. Satini ndiye woipitsitsa, ulusi umodzi ukakokeka mzere umayenda mpaka pa phewa.

Njira yake ndi iyi. Dulani kansalu kolimba, feliti kapena chidutswa cha chitenge chopinda kawiri, kakulu pang'ono kuposa kutalika kwa singano ya bulochi, mukaike mkati mwa diresi pamalo pomwe mukufuna. Singano ilowe kuchokera kunja, iboole diresi ndi kansaluko, iyende mkati pafupifupi utali wake wonse, kenako ituluke. Cholakwika chofala ndi kungotsina kansalu kochepa pakati pa singano, ndiye kulemera konse kumakhala pa timaulusi tochepa ndipo bulochi imagwedera. Mukatenga nsalu yambiri imagona phwatalala. Ngati lamba wa bra akudutsa pomwepo, singano idutse pansi pake, ndiye kuti akunyamula ndi lambayo osati diresi. Potseka, zambiri zili ndi kachitsulo kozungulira pamene nsonga imalowa, katembenuzeni mpaka nsonga itsekeredwe, kenako kokani pang'ono muone ngati yagwira. Gwirani nsonga ya singano musanagule, ikakhala yobuntha kapena ya dzimbiri imang'amba m'malo moboola.

Mwachizolowezi imakhala kumanzere, m'munsi pang'ono mwa fupa la pakhosi lija lopita ku phewa, osati pa bere penipeni. Koma ngati mukapachika chikwama phewa lomwelo kapena mukanyamula mwana mbali imeneyo, isamutsireni kumanja, ndaonapo khanda litakalika patsaya pa ukwati ndipo sizinandisangalatse. Pa chitenge cha maluwa ambiri bulochi ya timiyala tamitundumitundu imasowa, sankhani yachitsulo chimodzi chosalala ndipo muiike pamene pali mtundu umodzi, monga pa kolala kapena pa mfundo ya duku. Bulochi ikakhala yaikulu mkanda wa m'khosi uchepe kapena usakhalepo. Ndipo pa yunifomu ya chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, pamene pali baji ya mpingo, musaonjezepo bulochi pambali pake musanafunse atsogoleri anu.

Abambo nanunso mwayamba kuvala mabulochi ndi timapini pa kolala ya jekete, zili bwino. Malo ake ndi kumanzere pamene pali kabowo ka duwa. Pa masuti ambiri otchipa kabowoko ndi kongojambula ndi ulusi, sikotsegula, ndiye mubaye pakati pa ulusiwo kuti chipsera chibisike. Ngati akomiti akonza duwa la pachifuwa, sankhani chimodzi, duwa kapena bulochi. Suti yobwereka funsani mwini wake musanaiboole.

6. Onani kumene mukupita.

Pa ukwati wanu mutha kuvala makafulinki, kilipu ndi duwa zonse pamodzi. Pa ukwati wa mnzanu chepetsani, tsikulo ndi lake. Ku intavyu kapena ku msonkhano wa ku ofesi makafulinki osalala opanda miyala ndi kilipu yosalemba kanthu zakwana. Ku maliro ine ndimati zonyezimira zitsale, ngati shati yanu yoyera ndi ya dabo kafu valani akuda kapena aulusi aja poti kafu iyenera kutsekedwa ndithu, ndipo amayi ngati mukufuna chogwirira nsalu ya paphewa kapini kakang'ono kosawala kachita.

7. Mukabwerako.

Vulani makafulinki musanavule shati, muwaike m'kabokosi kake pomwepo. Ambiri amatayika chifukwa amapita ku dishi la zochapa ali pa shati, ena amachita dzimbiri m'madzi a sopo n'kudetsa kafu. Apukuteni thukuta ndi kansalu kouma, bulochi muitseke singano yake, ndipo musaziunjike m'mbale imodzi ndi makiyi ndi makobidi poti zopakidwa zimakalika msanga. Tambasulani kafu musanachape, dothi limabisala mu mzere wopindira, pakani sopo pamenepo ndi pa mabowo muiviike kwa mphindi zingapo musanatikite. Kansalu ka feliti kaja musakataye, kabayeni pa singano ya bulochi yomweyo kuti ulendo wina mukazipeze pamodzi.